Kalata yofunsira ntchito yolemba magemu: sankhani gemu imodzi, muifotokoze mokwanira

"Ndine mnyamata wa ku Chibavi, ndinamaliza maphunziro a zamakompyuta ku Mzuni chaka chatha. Ndaona ntchito ya wolemba mapulogalamu a kaseweredwe ka magemu wongoyamba kumene, yogwirira kunyumba, ku kampani ina ya ku Joni. Ndili ndi timagemu tinayi toyeserera timene ndinamaliza mu Unity, koma sindinagwirepo ntchito paliponse. Kodi m'kalata yofunsira ntchito ndilembe zotani, ndipo nditchule tonse tinayi?"

Achimwene, musafotokoze tonse tinayi mofanana. Sankhani kamodzi kamene kakufanana kwambiri ndi magemu amene kampaniyo imapanga, mukapatse theka la kalata, ndipo totsalato tigawane ndime imodzi yaifupi. Ndikunena izi motsimikiza chifukwa cha zimene ndinaona pamene ine ndinkafunsira ntchito yotereyi ndili ku Luwinga.

Ndinali ndi gemu ya pafoni ya wakabaza amene akupalasa kuchoka ku Luwinga kulowera m'tauni, akuzemba maenje ndi maminibasi. Pakompyuta yanga inkayenda bwino, koma pafoni yotsika mtengo ya mng'ono wanga inkaima pang'ono pakapita masekondi angapo, ndipo kuimako kukachitika wakabaza ali pafupi ndi dzenje, wosewera ankagwa popanda kulakwa kwake. Gemu yoyenda mafulemu 60 pasekondi imakhala ndi mamilisekondi 16.7 okha oti imalize zonse za fulemu imodzi, choncho chilichonse chodya nthawi yoposa pamenepo wosewera amachimva m'zala. Nditalumikiza foniyo ku Profiler ya Unity, chida choonetsa chimene chikudya nthawi mu fulemu iliyonse, ndinaona kuti mafulemu ochedwawo ndi amene munkaoneka GC.Collect. Dzenje lililonse ndi minibasi iliyonse zinkapangidwa ndi Instantiate zikamalowa mumsewu, n'kufafanizidwa ndi Destroy zikadutsa, motero zinyalala zinkachuluka m'memole mpaka injini inkaimitsa gemu kuti isese. Ndinakonza popangiratu maenje 20 ndi maminibasi 10 gemu ikamayamba, kenako chodutsa chilichonse n'kumangochibisa ndi SetActive(false) ndi kuchibwezera kutsogolo kwa msewu chikafunikanso. Kuimako kunatha.

Nkhani imeneyi ndinailemba m'kalata m'ziganizo zinayi. Pa intavyu, mkulu wa olemba mapulogalamu sanafunse za digiri yanga ngakhale pang'ono. Anafunsa chifukwa chimene ndinasankhira maenje 20, ndipo ndinayankha kuti ndinawerenga ochuluka kwambiri amene angaoneke nthawi imodzi paliwiro lalikulu n'kuwonjezerapo ochepa. Anafunsanso chimene chingachitike onse atakhala kuti ali mumsewu, komanso ngati ndinkabwezera liwiro la minibasi pachiyambi ndisanaigwiritsenso ntchito, popeza chinthu chobisidwa chimasunga zambiri zimene chinali nazo, ndipo chikhoza kubwerera chikuthamanga kale. Mafunso onse anachokera m'ndime imodzi ija, ndipo anali mafunso amene ndinkatha kuyankha chifukwa ntchitoyo ndinaigwira ndi manja anga.

Apa ndi pamene ndimasiyana ndi alangizi ambiri a zantchito amene amauza achinyamata kuti ayambe ndi kunena kuti amakonda magemu kuyambira ali ana ndiponso kuti ndi olimbikira. Aliyense wofunsira ntchitoyi amakonda magemu, ndiye chiganizo chimenecho sichikusiyanitsani ndi wina aliyense. Mndandanda wa C#, C++, Unity, Godot ndi Unreal nawonso malo ake ndi m'sivi, ndipo mukatchula C++ m'kalata pamene magemu anu onse analembedwa mu C#, mwadziitanira funso limene lidzakugwetseni. Wolemba mapulogalamu a kaseweredwe amalipidwa kuti kulumpha, kuwomba, kamera ndi adani zimveke bwino kwa wosewera, ndiye kalata ionetse kuti munaona wosewera akuvutika, munapeza chifukwa chake, ndipo munasintha chinthu chimene mungachitchule ndi nambala. Vutolo silikuyenera kukhala la liwiro la foni ngati langa. Ngati anzanu ankadandaula kuti akudina batani lolumphira ali m'mphepete koma munthu wawo akugwabe, ndipo inu munalola kuti kulumpha kutheke kwa masekondi 0.1 munthuyo atachoka kale pansi, imeneyo ndi ndime yabwino kwambiri, chifukwa ikuonetsa kuti munayesetsa gemu yanu kwa anthu.

Ndikananso chizolowezi chathu chopepesa m'kalata. Ulemu wa "ngakhale ndilibe luso lokwanira, ndikupempha mundiganizire" umamveka bwino kwa akuluakulu a kwathu kuno, koma wowerenga wa kunja amangomva kuti mwiniwake wanena kuti sakukwanira. Kampani yalengeza yokha kuti ikufuna wongoyamba kumene, choncho ikudziwa kale kuti simunagwirepo ntchito. Za magetsi ndi netiweki mulembe chiganizo chimodzi chonena zimene muli nazo, monga sola kapena batire ndi mizere iwiri ya intaneti, ngati mulidi nazo, ndipo muwonjezere kuti Malawi ndi South Africa ali pa nthawi imodzi, zimene zikutanthauza kuti misonkhano yawo ya m'mawa mudzaipeza popanda vuto.

Mawu oti "ndinamaliza"

Wowerenga adzayesa mawu amenewa podina linki, ndipo ambiri amagwera pamenepa. Gemu yomalizidwa imakhala ndi poyambira, imauza wosewera mabatani ake, ili ndi popambana kapena pogonja, ndipo imalola kuyambiranso popanda kuitseka. Sikufunika zithunzi zokongola, chifukwa simukufunsira ntchito yojambula, ndipo mabokosi oyenda bwino ndi okwanira. Muiike pa itch.io, webusaiti yoikapo magemu, yoseweredwa m'bulawuza, pokweza zipi imene muli index.html, chifukwa munthu amene ali ndi makalata ambiri patebulo sangalowetse .exe kapena .apk ya mlendo m'kompyuta ya kuntchito. Mukatero mutsegule linkiyo pakompyuta ya mnzanu musanalowe mu akaunti yanu, popeza tsamba latsopano pa itch.io limayamba lili Draft, ndipo inu nokha ndi amene mumaliona. Pa GitHub chimodzimodzi: nkhokwe ikhale Public, foda ya Library isakwezedwe, ndipo README inene zimene munalemba nokha. Ngati kagemu kena munapanga ndi anzanu, monga pa Global Game Jam, mwambo wopanga gemu m'masiku ochepa umene umachitika mu Januwale, nenani kuti gawo lanu linali kayendedwe ka adani kapena kamera. Kamene munangotsatira phunziro la pa YouTube osasinthapo kanthu mukachotse, ngakhale mutsale ndi titatu, chifukwa olemba ntchito amawadziwa maphunziro otchukawo.

Kalata yeniyeniyo, imene mudzailembe m'Chingelezi, isapitirire tsamba limodzi. Chiganizo choyamba chitchule ntchitoyo monga anailembera ndi linki ya gemu yanu yaikulu. Ndime yachiwiri ikhale ya vuto, chifukwa chake, chimene munasintha ndi zotsatira. Yachitatu ipatse kagemu kalikonse kotsala chiganizo chimodzi chonena luso limene sikakugawana ndi tinzake, monga kusunga pamene wosewera wafika kapena mdani wotsata njira. Yomaliza itchule chinthu chimodzi chimene munaona mutasewera gemu ya kampaniyo, ndiye muisewere musanalembe. Pambali pa linki iliyonse muikepo kanema wosapitirira mphindi imodzi, woyambira pa kusewera kwenikweni, kuti ngati bulawuza yawo yakana kutsegula gemu aonebe wosewera wanu akuyenda.