Kalata ya notisi: tsiku lobweza makiyi ndi dipoziti yanu

"Achimwene, ndikufuna kusamuka m'nyumba ya lendi kumapeto kwa Epulo. Polowa ndinapereka dipoziti ya mwezi umodzi. Notisi ndiilembe bwanji kuti alandilodi asandidyere ndalama yanga?"

Achemwali, musanalembe kalikonse kafunefuneni kaye agirimenti ija munasainirana polowa, muone notisi ndi yaitali bwanji, nthawi zambiri umakhala mwezi umodzi koma ena amafuna iwiri. Pomwe anthu amagwera mpoti ma agirimenti ambiri amawerenga mwezi wathunthu wa lendi, osati masiku 30 kuyambira tsiku lomwe mwawauza. Ndiye ngati mumalipira pa 1 ndipo mukutuluka pa 30 Epulo, kalata ikhale ili m'manja mwawo pofika pa 31 Malichi. Mukakapereka pa 10 Epulo atha kukuuzani kuti notisi yanu ikutha kumapeto kwa Meyi, lendi ya Meyiyo ayidula pa dipoziti, basi ndalama yapita ndipo mulibe pogwira.

Kalatayo isatalike, zodandaula za denga lodontha zija zisiyeni. Pamwamba deti, dzina lanu ndi nambala ya nyumba, kenako:

"Bambo, ndikukudziwitsani kuti ndituluka m'nyumba yanu malinga ndi notisi ya mwezi umodzi yomwe tinagwirizana. Makiyi ndidzapereka pa 30 Epulo, 10 koloko m'mawa. Ndikupempha kuti tsikulo tidzayendere limodzi nyumbayi ndi kuwerenga mita ya madzi ndi ya magetsi. Ndikupemphanso kuti mundibwezere dipoziti yanga pofika pa 14 Meyi, ndipo ngati pali chodula mundilembere chinthu chilichonse pachokha, ndi malisiti ake."

Tsiku lobwezera dipozitilo tengani lomwe lili mu agirimenti, ngati mulibe ikani lanu, bola lisakhale "posachedwa" chifukwa posachedwa wa alandilodi sakwana. Lembani makope awiri, asaine ndi kuika deti pa yanuyo. Akakana kusaina ijambuleni muwatumizire pa WhatsApp pomwepo.

Zoyendera limodzizo ndiye musazitenge mopepuka ayi. Katundu atatuluka, m'nyumba mutakolopa, jambulani chipinda chilichonse, magalasi a mawindo, maloko, sinki, ndi manambala a pa mita. Penti yongofwifwa chifukwa mwakhalamo zaka ndi kutha kwa nyumba komwe sikuyenera kukhala kwa inu, koma galasi lomwe ana anaswa ndi mpira, kapena khoma lomwe munaboola popachika TV, zimenezo adula ndithu ndipo akulondola, ndiye kuli bwino mukonzeretu nokha chifukwa mtengo wa mmisiri wawo simungautsutse. Zomwe mwagwirizana zilembedwe pamenepo, nonse musaine, makiyi muwawerenge popereka.

Ndipo musayerekeze kusiya kulipira lendi ya Epulo poti "adye dipoziti", pokhapokha iwowo atavomera molemba, apo ayi papepala mudzaoneka wangongole ndinu.