Kasitomala akamangoti tsitsaninso

"Azakhali, anthu akaona zitenje zanga pa WhatsApp amangoti nditsitse. Ndikatsitsa akutinso tsitsaninso. Ndiziwayankha bwanji osawakhumudwitsa?"

Eya mwanawe, ndamva, nditchere khutu. Usanayankhe munthu aliyense, khala pansi uwerengere kuti chitenje chimodzi chakudyera ndalama zingati kuti chifike m'manja mwako kuno ku Harare. Tinene kuti unaoda pa madola 6. Uwonjezepo gawo lake la basi ndi zolipira pa boda, bandulo ya foni, kombi yopita mtauni, mwina chafika pa 8. Mpamba wako ndi 8 ameneyo, osati 6 ayi. Ndiye udziuze wekha mumtima kuti pansi pa 10 sinditsika, koma pa chithunzi ulembe 12. Madola 2 apakatiwo ndi onenerera. Nambala ya 10 ija usaitchule msanga.

Tsono wina walemba kuti, "Ndili ndi 7." Usapse mtima, kunenerera ndi khalidwe lathu, ngakhale ife ku Mbare Musika tomato sitigula osanenerera. Komanso usathamangire kutchula mtengo wina. Mupatse moni kaye, kenako umufunse kuti, "Zikomo mayi, mukufuna zingati, ndipo muli dera liti?" Munthu wofunadi kugula amayankha kuti ziwiri, ndili ku Mufakose, chobiriwira chija chilipo? Wongoyesa madzi sayankha zimenezo, amangobwereza kuti womaliza ndi zingati.

Pamene ambiri amagwa m'mbuna ndi apa: kutsitsa kwaulere. Iye wati 7, iwe 11. Iye wati 8, iwe 10. Wamuonetsa kuti akangokankha umasuntha, ndiye alekerenji kukankha? Dola iliyonse imene ukuchotsa, nayenso abweretsepo kanthu. Ulembe kuti, "Chimodzi ndi 12, koma mukatenga ziwiri ndikupatsani pa 22." Kapena, "Mukabwera kudzatenga nokha pa siteji ya makombi ya Copacabana Loweruka, ndikuchotserani dola." Akatenga zitatu ukhoza kufika pa 30, phindu lako ndi 6, ulendo umodzi. Mwakomana pakati ndipo aliyense wapita kwawo wosangalala.

Za kukapereka katunduzi samala nazo kwambiri, ndikunenetsa. Mwagwirizana pa 10, kenako akuti mundibweretsere ku Chitungwiza. Kombi kupita ndi kubwera yadya madola 2 aja onse, tsiku lakuthera panjira, wagwira ntchito yaulere. Ndiye funso loti muli kuti lizibwera mtengo usanatsike. Chimodzimodzi kalipiridwe. Mugwirizane m'madola a ku America. Akati alipira ZiG, ndalama ya kuno ku Zimbabwe, umuuze mwaulemu kuti muwerengera pa reti ya tsiku lolipiralo, osati ya sabata yatha. Akati alipira pa foni ndi EcoCash, mumvane kaye kuti ndalama imene amadula potapa alipira ndani. Ndipo chenje uzikhala nacho, chifukwa mtengo wa 11 umasanduka 10 munthu akangoti ndilibe dola yapadera.

Akabweranso kachitatu, apo ndiye unene womaliza, kamodzi kokha, ndi mawu ofatsa: "Pepani mayi, ndikanakonda kukuthandizani, koma pa 10 ndiye pothera. Ndikatsika apa ndadya mpamba." Basi. Usalembe ndime yaitali yofotokoza za lendi ndi fizi ya ana, chifukwa chifukwa chilichonse chimene wapereka amachipezera yankho. Akati ku msika wa Mupedzanhamo kuli za 6, usanyoze a kumeneko. Ungoti, "Zoonadi ziliko, koma nsalu zimasiyana, ichi n'chokhuthala ndipo sichisuluka," bola zikhale zoona, umutumizire kavidiyo kapafupi aone yekha. Ngati uli ndi chitenje china chotsikirapo mtengo, muonetse chimenecho. Mwina ndalama zake n'zochepadi, ndipo wamulemekeza pomupatsa chimene angakwanitse.

Akakhala chete, mulekeni, iwe usayambe kumuthamangira ndi 9. Mawa lake ungafunse kamodzi kuti, "Mwadzuka bwanji mayi, chitenje chija ndikusungireni kapena ndipatse ena?" Koma kusunga kwake pakhale kachikole, ngakhale madola 3, ndi tsiku lodzatengera.

Aa, ndi achibale omwe muli pagulu pano mukumva, ndi a kutchalitchi omwe: mwanayu musamamufinye. Iwe mwanawe, wachibale umupatse 10 yomweyo poyamba pomwe, umuuze kuti uwu ndi mtengo wa pachibale, ena ndimawagulitsa 12, ndipo asakauze anzake. Madzulo ano unditumizire mitengo imene unaodera, tiwerengere limodzi mtundu uliwonse.