Mzere ukatsika pa tchati cha odwala, kodi matenda achepadi?

"Ndine mlembi wa komiti ya zaumoyo m'mudzi wina kufupi ndi Ngabu. Alangizi a zaumoyo anatipatsa tchati cha mzere chosonyeza ana obwera ku kiliniki ya m'mudzi mwezi uliwonse. Mzerewo watsika kwambiri mu Malichi, ndipo anzanga akuti matenda achepa. Kodi tiuwerenge bwanji?"

A mlembi, musanaweruze mzerewo, yambani mwawerenga zolembedwa m'mbali mwake. M'munsi muli miyezi, yondondozana kuchokera kumanzere kupita kumanja, pomwe manambala okwera kumanzere akusonyeza kuchuluka kwa obwera ku kiliniki. Ikani chala pa kadontho ka Febuluwale, ndipo muchiyendetse molunjika kumanzere mpaka chifike pa nambala yake. Alangizi akuuzeni ngati akuwerenga maulendo kapena ana, chifukwa mwana mmodzi wobwera katatu akhoza kulembedwa katatu.

Tiyerekeze kuti Febuluwale ali pa 120 ndipo Malichi ali pa 90. Kusiyana kwake ndi 30, lomwe ndi gawo limodzi mwa magawo anayi. Koma ngati manambala a m'mbali ayambira pa 80 m'malo mwa 0, kadontho ka Malichi kadzakhala pafupi ndi pansi penipeni, ndipo maso adzakuuzani kuti odwala atsala pang'ono kutheratu. Khulupirirani nambala, osati kutsetsereka kwa mzere.

Chondidetsa nkhawa kwambiri n'chakuti tchaticho chimawerenga okhawo amene anafika, ndipo sichidziwa mwana amene anagona ndi malungo kunyumba. Kuno ku Chikwawa ndi ku Nsanje, Malichi ndi nyengo ya mvula pomwe malungo amakhala ochuluka, choncho kutsika kwadzidzidzi kuyenera kufufuzidwa anthu asanayambe kukondwera. Tonse tikukumbukira mmene namondwe Freddy anadulira misewu mu Malichi 2023. Mayi amene sangawoloke mtsinje wodzaza ali ndi mwana kumsana saoneka pa mzere uliwonse. Mzere umatsikanso mankhwala a LA kapena zoyezera malungo zikatha, popeza mbiri imafala msanga ndipo makolo amaleka kubwera, komanso alangizi akachokapo kupita ku maphunziro.

Kuti mudziwe chimene chachitika, pemphani kuti muone kaundula pamodzi ndi alangiziwo, ndipo muwerenge masiku amene kiliniki inatsegulidwa mu Malichi. Mukapeza sabata yathunthu yopanda cholembedwa, ndiye kuti mzere watsika chifukwa chitseko chinali chotseka. Onaninso ngati malungo, chibayo ndi kutsegula m'mimba zatsikira limodzi, pakuti matenda osiyana sakonda kuchepa mwezi umodzi, ndipo zikatero vuto limakhala la njira kapena la mankhwala.

Kenako yerekezani Malichi uno ndi Malichi wa chaka chatha, osati ndi Febuluwale yekha. Ngati kiliniki inali yotsegula masiku onse, mankhwala analipo, njira zinali zodutsika, ndipo mzere wakhala pansi pa wa chaka chatha kwa miyezi itatu yotsatizana, pamenepo komiti ikhoza kuuza a mfumu kuti matenda akuoneka kuti achepa.