Kuphwanya Kalata Yaitali ya Malamulo Kukhala Mndandanda wa Ntchito

"Ndimagwira ntchito pa SAKO ina ku Zomba. Talandira kalata ya masamba 18 yochokera kwa Mlembi wa mabungwe azachuma, ndipo abwana akufuna ndiifupikitse kuti aliyense adziwe chochita. Ndiyambire pati?"

Zikomo, mayi. Musaifupikitse, koma iphwanyeni, popeza chidule chimameza tsatanetsatane yemwe oyendera adzakufunseni. Mlembiyo ndi Gavanala wa Banki Yaikulu ya Malawi, malinga ndi lamulo la mabungwe azachuma la 2010, choncho kalata yakeyo ili ndi mano.

Muyambe ndi ndime yomasulira mawu ndi yonena tsiku limene kalatayo iyambire kugwira ntchito, chifukwa mumadziwira pamenepo ngati SAKO yanu ikukhudzidwa ndi ndime zonse. Kenaka dulani mzere paliponse pamene palembedwa "shall" kapena "must", pakuti amenewo ndiwo mawu olamula, pamene "may" amangopereka chilolezo. Zowonjezera za kumapeto musazidumphe. Mafomu ndi masiku amakonda kubisala kumeneko.

Chinthu chilichonse chimene mwadula mzere chikhale ndi mzere wakewake patebulo, wosonyeza nambala ya ndime, chochitikacho, tsiku lomaliza, woyankha ndi umboni. Tiyerekeze kuti ndime 7 ikuti lipoti la ngongole zosabwezedwa, lovomerezedwa ndi bodi, lifike kwa Mlembi pasanathe masiku 14 chithereni chigawo cha miyezi itatu. Chiganizo ndi chimodzi, koma ntchito zilipo zitatu: a ngongole asonkhanitse ziwerengero, owerengera ndalama azitsimikize, bodi ivomereze. Mukalemba mzere umodzi wokha, bodi idzaiwalika, ndipo mudzazindikira mochedwa kuti msonkhano wake uli mwezi wamawa.

Pa masiku ndi pamene ambiri amapunthwa. Chigawo chitatha pa 30 Seputembala 2025, masiku 14 apakalendala akutha pa 14 Okutobala, koma akakhala masiku ogwira ntchito, mukachotsa Loweruka, Lamlungu ndi tchuthi cha Tsiku la Anakubala pa 15 Okutobala, mufika pa 21 Okutobala. Kalata ikapanda kumasulira, tengani tsiku loyandikiralo, ndipo mufunse kwa Mlembi polemba kalata. Patebulo lembani deti lenileni, kenaka muwerenge chobwerera mmbuyo: bodi ikumane pa 10, owerengera ndalama amalize pa 7, a ngongole pa 3.

Pa woyankha, lembani udindo umodzi, ngakhale nthambi zokhudzidwa zili zingapo. Ine ndinalembapo "nthambi zonse" pamzere wina, ndipo aliyense anayesa kuti mnzake watumiza lipotilo. Mutumize tebulolo kwa mkulu wa nthambi iliyonse kuti asainire mizere yake, ndipo pomaliza muwerengenso mizere imene munadula m'kalata muja: ikakhala 23 pamene patebulo pali 21, ntchito zosachepera ziwiri zatayika panjira.