Loboti yathu tiitche ndani kuti anzathu asaiwale?

"Aphunzitsi, ndine mtsikana wa Fomu 3, ndimakhala ku Chinamwali. Ine ndi anzanga awiri tapanga kaloboti ka mateyala kamene kamazemba zinthu kakaziona kutsogolo. Tagwiritsa ntchito kabolodi ka Arduino Uno, HC-SR04 yoyezera mtunda, kasevo kotembenuzira mutu ndi ka buzzer kolira. Kakuyenda bwinobwino, koma gulu lina lapanganso kofanana ndi kathu. Tikatche dzina lotani, nanga tingatani kuti kakhale ndi khalidwe lakelake loti anzathu azikakumbukira chionetsero chikatha?"

Mwana wanga, dzinalo liyambe ladikira. Kumudzi khanda silitchulidwa dzina tsiku lobadwa. Amadikira mchombo ugwe, lituluke m'chikuta, anthu aliwone kaye. Inunso kaikeni pansi kalobotiko, kayende mphindi khumi, atatu nonse mutakhala chete mukukayang'ana. Muwone chimene kamachita mobwerezabwereza, makamaka chimene chimakuseketsani kapena kukunyansani. Dzina lili pamenepo.

Ndikunena izi chifukwa ndinapsa nazo. Ndili woyang'anira kalabu ya sayansi pasukulu ina kuno ku Zomba, anyamata anga anatcha loboti yawo Mphezi isanayende n'komwe. Analemba dzinalo ndi utoto wofiira m'mbali zonse ziwiri. Tsiku la chionetsero, batire ya 9V ija yamakona anayi inatopa pasanathe mphindi zochepa, chifukwa siyikwanitsa kudyetsa mamota awiri nthawi yaitali. Mphezi anayamba kukwawa, akuima, akunjenjemera, kenako n'kusunthanso pang'ono. Mnyamata wina kumbuyo anakuwa kuti, "Apatseni ndodo agogowo!" Holo yonse inafa nako kuseka. Mpaka lero ndikakumana ndi ana a chaka chimenecho pamsika wa Mpondabwino amandifunsa za Agogo. Za Mphezi palibe amazikumbukira.

Ndiye ngati inu simutenga dzina pa zimene kalobotiko kamachitadi, anzanu adzakuchitirani, ndipo lawolo ndi limene lidzamere mizu.

Tiyeni titenge kanu komweko. Kamayenda, kakaona chinthu kamaima, kamabwerera, n'kutembenukira kwina. Munthu wochita chonchi timati ndi wamantha. Ndikanakhala ine ndikanakatcha Namantha, monga timanenera Naphiri kapena Nabanda. Aliyense akamva dzinalo amadziwiratu kuti ayembekezere chiyani, ndipo kakabwerera m'mbuyo koyamba amaseka chifukwa dzina lakwanira pa mwini wake. Simukukakamizidwa kutenga limeneli. Ngati kanu kamayenda mwaulemu kakuzunguza maso, Nadzikambe alipo. Koma dzina lililonse muliyese chonchi: mmodzi aime kugolo ina ya bwalo la mpira, alikuwe, wina kugolo inayo alibwereze. Likasokonekera panjira, ndi lalitali kapena lolemera pakamwa. Ndipo chonde, lisakhale dzina la mphunzitsi, la mnzanu wa m'kalasi, kapena mawu onyoza chilema cha munthu. Kuseka kwa tsiku limodzi kungakusiyireni mlandu wa teremu yonse.

(Muzikumbukiranso kuti kwathu kuno munthu akamva "maloboti" amaganiza za magetsi apamsewu aja. Amalume anu mukawauza kuti mwapanga loboti, musadabwe akafunsa ngati imayaka zofiira ndi zobiriwira.)

Tsopano khalidwe. Ana ambiri amaganiza kuti khalidwe la loboti ndi maso omata ndi chipewa cha pepala. Ayi, khalidwe lili mu nthawi. Loboti ya gulu linalo ikaona khoma idzakhota pompopompo, ngati makina. Yanu iime, ilire kamodzi ngati yadzidzimuka, ikhale kaye chete ngati ikuganiza, ibwerere pang'ono, kenako izunguze mutu kumanzere ndi kumanja isanasankhe njira. Kachete kameneko ndi kamene kamachititsa woonera kuiwala kuti akuyang'ana mawaya.

```
if (cm < 20) {
  ima();
  tone(8, 1200, 150);
  delay(random(400, 900));
  bwerera();
  yangana();
}
```

Mawu akuti `ima`, `bwerera` ndi `yangana` ndi timagawo timene mulembe nokha. Zambiri mwa izo muli nazo kale mu pulogalamu yanu, kungoti mwina munazitcha mayina ena. Chofunika ndi mzere wa `delay`. Nambala 400 ndi 900 zikutanthauza kuti Namantha azizengereza pakati pa kachigawo kochepera theka la sekondi ndi pafupifupi sekondi imodzi, mosinthasintha. Chinthu chamoyo sichichita zinthu mofanana ndendende kawiri. Mukafupikitsa kwambiri, palibe aone kuti kanaima. Mukapitirira masekondi awiri, anthu ayamba kunong'onezana kuti kafa. Musaiwale kuika `randomSeed(analogRead(A0));` mu `setup()`, pini ya A0 ili yosalumikizidwa, apo ayi kazizengereza mofanana nthawi iliyonse mukakayatsa.

Kulira nako kumanena zambiri. Mawu okwera ndi aafupi amamveka ngati kudzidzimuka; otsika ndi aatali, monga `tone(8, 200, 500)`, amamveka ngati kung'ung'udza. Sankhani kulira kumodzi kwa mantha, kwina kwa chimwemwe njira ikatseguka, basi. Loboti yolira nyimbo zisanu ndi ziwiri imangokhala wailesi yosokosa.

Apa pali msampha umene wagwira ambiri. Pa Arduino Uno, `tone()` imasokoneza `analogWrite()` pa pini 3 ndi 11, ndipo mukaika `Servo.h` mumatayanso `analogWrite()` pa pini 9 ndi 10. Chizindikiro chake n'chakuti loboti imene inkayenda bwino imayamba misala mutangowonjezera kulira kapena mutu wozungulira: teyala limodzi limangoima kapena limathamanga mosamvera. Liwiro la mamota muliike pa pini 5 ndi 6. Kalobotiko kakamazima n'kuyambiranso pamene mamota akudzuka, vuto ndi mphamvu: pezani mabatire awiri a 18650, musabwereze za Agogo.

Zovala zibwere pomaliza, ndipo zikhale zochepa. HC-SR04 ili kale ndi timabowo tiwiri tooneka ngati maso, choncho nkhope muli nayo. Jambulani nsidze ziwiri zokwezeka pakatoni, muzimate pamwamba pa masowo, zisalendewere kutsogolo. Diso limodzi limatumiza kaphokoso kamene khutu la munthu silimva, linalo limamvera kakabwerera. Kakatoni kakatchinga, Namantha aziona chilombo chili pamphuno pake nthawi zonse, azingobwerera m'mbuyo mpaka kugwa patebulo.

Pa tsikulo musayambe ndi kufotokoza mawaya. Nenani chiganizo chimodzi: "Awa ndi a Namantha, amaopa chilichonse chimene chawayandikira masentimita 20." Kenako itanani mnzanu mmodzi adzawaopseze ndi buku lachikuto cholimba. Munthu amene waopseza loboti ndi dzanja lake sayiwala dzina lake.

Padzapezeka wina wochenjera amene adzaike juzi kapena mpango waubweya kutsogolo, Namantha n'kuwugunda osaima, chifukwa nsalu yofewa imameza kaphokoso kaja m'malo mokabweza. Zimachitikanso buku likapendekeka kwambiri, kaphokoso kakathawira kumbali. Musachite manyazi. Nenani kuti a Namantha amaopa zolimba zokha, zofewa amazikhulupirira, ndiyeno mufotokoze chifukwa chake. Oweruza akafunsa kuti kamadziwa bwanji mtunda, yankho ndi lakuti pulogalamu imawerenga nthawi imene kaphokoso katenga kupita ndi kubwerera, mu mamaikulosekondi, n'kugawa ndi 58. Buku lili pa masentimita 20 limapereka pafupifupi 1160.

Ndiye Loweruka lino pitani nako pakhonde, kayende, mundilemberenso chimene mwaona. Ndikufuna kudziwa ngati kamakhotera mbali imodzi kakamayenda, chifukwa mamota awiri otchipa salingana liwiro kawirikawiri, ndipo ngati kamatero, mwina si Namantha ayi, ndi Kamanzere.