Dola ili chiimire, nanga akuti kwacha yakwera mphamvu potani?

"Ndimapikula katundu ku Joni kudzagulitsa ku Limbe. Mtengo wa dola kubanki wakhala malo amodzi kwa miyezi yambiri, koma mu lipoti lina la zachuma ndawerenga kuti REER ya kwacha yakwera, ndipo akudandaula nazo. Yakwera bwanji pomwe dola sinasunthe? Ndipo kukwera mphamvu si chinthu chabwino kodi?"

Achimwene, vuto layambira pa chizolowezi chathu tonse. Munthu akafunsa kuti kwacha ili pa bwanji lero, timamuyankha ndi mtengo wa dola, ngati kuti dziko lonse timagula ndi kugulitsa ku Amereka. Koma katundu wambiri wolowa m'dziko muno amachokera ku South Africa, China, India, Dubai ndi kwa anansi athu a ku Zambia ndi Mozambique. Ndalama za mayiko ambiri mwa amenewa zimayenda payokhapayokha. Ndiye ngati kwacha yamangiriridwa ku dola, ili ngati mbuzi yomangidwa kungolo. Poyerekeza ndi ngoloyo mbuzi siisuntha, koma ngolo ikamayenda mbuzinso ikupita. Dola ikalimba pamaso pa randi, kwacha nayo yalimba pamaso pa randi, ngakhale bolodi ya kubanki ikuonetsa nambala yadzulo yomwe.

Chiwerengero chomwe mwachionacho chinapangidwa kuti chigwire zimenezi. Amatenga ndalama za mayiko onse omwe timachita nawo malonda, nazipatsa kulemera molingana ndi kukula kwa malondawo, kenako nkuona kuti kwacha yasuntha bwanji pamaso pa gulu lonselo. Amasankha chaka chimodzi nkuchitcha 100, ndipo zina zonse amayerekeza ndi chakacho. M'malipoti mupeza mayina awiri. NEER imangoona mitengo yosinthira ndalama. REER imaonjezerapo kukwera mitengo kwa katundu kuno ndi kunjako.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Manambala awa ndangopeka kuti masamu aphweke, ndipo ndatenga mayiko atatu okha: South Africa ndi theka la malonda athu, China ndi 30 peresenti, mayiko a yuro ndi 20 peresenti. Dola ikhale pa K1,750 kuyambira Januwale mpaka Disembala, osasuntha ngakhale tambala imodzi.

M'chaka chimenecho randi yafooka, kuchoka pa marandi 18 pa dola kufika pa 20. Inu mukudziwa bwino tanthauzo lake kuposa ine. Randi imodzi inali K97, tsopano ili K87.50, kutanthauza kuti kwacha yomweyo ikugula marandi ochuluka ndi 11 peresenti. Yuwani ya ku China yachoka pa 7 kufika pa 7.35, ndiye kumeneko kwacha yakwera ndi 5 peresenti. Koma yuro yalimba, kuchoka pa madola 1.05 kufika pa 1.10, ndipo pamaso pake kwacha yatsika ndi 4.5 peresenti. Ndalama imodzi yomweyo, chaka chimodzi chomwecho, yakwera kwina, yatsika kwina, yaima kwina. Kuziphatikiza ndi motere:

```
NEER = 100 × 1.111^0.5 × 1.05^0.3 × 0.955^0.2 ≈ 106
```

Kwacha yomwe bolodi ikuti sinasunthe yakwera ndi 6 peresenti. Mwina mwadabwa kuti bwanji tikuchulukitsa m'malo mongophatikiza. Chifukwa chake chimaoneka ndalama zikasuntha kwambiri. Tinene kuti mayiko ndi awiri olemera mofanana, ndipo kwacha yawirikiza mphamvu pamaso pa lina nkutsika ndi theka pamaso pa linalo. Kuphatikiza 200 ndi 50 nkugawa pawiri kutipatsa 125, ngati kuti tapindula, pomwe zoona zake ndi zoti kukwera ndi kutsikako zafafanizana. Kuchulukitsa kumatibwezera pa 100.

Komatu 6 peresenti si imene ikudandaulitsa olemba lipoti lanu. Nkhani ili pa chilembo cha R choyamba cha REER, chimene chimaonjezera kukwera mitengo kwa katundu kuja. Tipitirize ndi chitsanzo chathu: mitengo ya katundu kuno yakwera ndi 30 peresenti m'chakacho, pomwe ku South Africa yakwera ndi 5, ku China ndi 1, ku Ulaya ndi 3. Tikaziyeza ndi kulemera kuja, kunja konse mitengo yakwera ndi 3.4 peresenti basi.

```
REER = 106 × 1.30 / 1.034 ≈ 133
```

Apa mawu oti "kukwera mphamvu" ndi amene amasokoneza anthu, chifukwa palibe amene thumba lake lalemera. Chomwe 133 akunena ndi choti katundu wa kuno, mukamuwerengera mu ndalama za anzathu, wadula ndi gawo limodzi mwa magawo atatu poyerekeza ndi wawo. Taganizani katoni ya sopo yopangidwa ku Blantyre. Mu Januwale inali K10,000, omwe ndi marandi 103, ndipo katoni yofanana nayo ku Joni inalinso marandi 103. Pofika Disembala mafuta, magetsi ndi malipiro zakwera, katoni yathu ili K13,000. Pa K87.50 amenewo ndi marandi 149. Ya ku Joni yangofika pa 108. Wogula wa ku Tete kapena ku Chipata sachita kufunsa kwa sing'anga kuti atenge iti, ndipo ngakhale wa ku Ndirande ayamba kufuna yakunja. Aliyense amathamangira kuitanitsa katundu, ogulitsa kunja amachepa, ndalama zakunja zimasowa, mizere imatalika kubanki, ndipo mtengo wa pamsika wakuseri umathawa wa pabolodi. Inu ngati wopikula kunja, REER yokwera imakukomerani tsiku lomwe mwapeza marandi pamtengo wa banki. Tsiku lomwe simunawapeze, ndi yomweyo imene yawasowetsa.

Mbiri yathu ili ndi mabala a zimenezi. Mu Meyi 2012 dola inalumpha kuchoka pa K168 kufika pa K250 tsiku limodzi, pambuyo pa nthawi yaitali yomwe mtengo unagwiridwa pomwe mafuta agalimoto ankasowa. Mu Meyi 2022 Reserve Bank of Malawi inatsitsa kwacha ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 inabwera ija ya 44 peresenti, dola kuchoka cha m'ma K1,180 kufika pa K1,700. Ndikumbutse pang'ono apa: 44 ija ndi kukwera kwa mtengo wa dola. Kwacha yeniyeniyo inataya pafupifupi 31 peresenti ya madola omwe inkagula, ndipo nambala yachiwiriyi ndi imene imalowa m'chiwerengero chathu. Tsono werengani nokha. Ngati mitengo kuno ikukwera ndi 30 peresenti pachaka, kunja ndi 3 kapena 4, ndipo bolodi yaima, kutsitsa konse kwa Novembala uja kumakhala kwadyedwa m'chaka chimodzi ndi theka. Mtengo wa dola sungakuuzeni zimenezi, chifukwa uli chiimire. REER imazionetsa mwezi ndi mwezi ikukwera.

Ndisakunamizeni kuti chiwerengerochi ndi mneneri. Choyamba chomwe ndimayang'ana ndikachiona ndi kuti achiwerengera pa mtengo uti. Nthawi zambiri amagwiritsa wa boma. Ngati amalonda ambiri akugula ndalama zawo kuseri pamtengo wokwera kwambiri, ndiye kuti REER ikufotokoza mtengo womwe ochepa okha akuupeza. Imakuuzani kutalika kwa mtunda womwe mtengo wa boma wasochera, osati ndalama zomwe inu mwatulutsa kuti katundu wanu adutse pa Mwanza. Ndiponso kulemera kuja kumachokera ku malonda olembedwa m'mabuku a kasitomu. Chimanga, nyemba ndi zitenje zodutsa m'tinjira ta m'malire pa njinga sizilowamo.

Chachiwiri chimandivutitsa kwambiri. Kulemera kumatsatira dziko lomwe katundu akuchokera kapena kupita, koma mtengo wa katundu wambiri umalembedwa mu dola posatengera dzikolo. Fodya ku okushoni ya Kanengo amagulidwa mu dola, ngakhale wambiri akupita ku Belgium. Mafuta agalimoto ndi feteleza nawonso ndi dola. Yuwani ikafooka, wogulitsa wa ku Guangzhou amene invoyisi yake ili mu dola satsitsa mtengo mawa lake, mwina adzatero pakapita miyezi. Choncho pa mtengo wa petulo wa mwezi wamawa, dola yokhayo imanena zambiri kuposa chiwerengero chonsechi. Pa funso loti kodi dziko likutha kupikisana ndi anzake m'zaka ziwiri kapena zitatu, REER ndiyo yoyenera.

Palinso mayiko omwe sitigulitsana nawo zambiri koma timakumana nawo pamsika wa wina. Tiyi wa ku Thyolo amapikisana ndi wa ku Kenya, fodya wathu ndi wa ku Brazil. Shilingi ya Kenya ikatsika, mlimi wa tiyi kuno amamva kuwawa ngakhale kuti palibe chomwe wagulitsa ku Nairobi. Bungwe la BIS, banki ya mabanki aakulu a mayiko ku Basel, lomwe limawerengera mayiko oposa 60, limaika mpikisano wotere m'kulemera kwake ndipo limakonzanso kulemerako pa zaka zitatu zilizonse. Malawi mulibe m'ndandanda wawo, ndiye ya kwathu muipeza ku IMF. Ziwerengero ziwiri za dziko limodzi zikasiyana, kawirikawiri chifukwa chake ndi kulemera. Ngakhale DXY yotchuka ija, yomwe imayeza dola, ili ndi ndalama zisanu ndi imodzi zokha, yuro ikutenga 57.6 peresenti, ndipo mulibe yuwani ya China kapena peso ya Mexico, mayiko omwe ali m'gulu la ochita malonda kwambiri ndi Amereka.

Mukatsegulanso lipoti lanu, pezani kamzere ka m'munsi mwa chithunzi musanawerenge china. IMF ndi BIS akati nambala yakwera amatanthauza kuti ndalama yalimba, koma mabanki ena aakulu amalemba chozondoka, kukwera nkukhala kufooka. Onaninso chaka cha 100. Nambala ya 133 siikutanthauza kuti kwacha yadula mopyola ndi 33 peresenti, ikungoti yadula motero poyerekeza ndi chaka chomwe anasankha, ndipo chakacho mwina kwacha inali yodula kale, kapena inali itangotsitsidwa kumene.

Pa bizinesi yanu, kulemera kwa dziko si kwanu. Ngati mwa K10 iliyonse yomwe mumatulutsa kunja K8 imapita mu randi ndipo K2 mu dola ya thiransipoti, ikani 0.8 ndi 0.2 m'masamu aja, ndipo mugwiritse mitengo yomwe munaguliradi ndalamazo, osati ya pabolodi. Ndi manambala a chitsanzo chathu, 100 × 1.111^0.8 ikupereka pafupifupi 109, osati 106. Kenako yerekezani ndi momwe mtengo wa katundu wanu wakwerera ku Joni ndi ku Limbe m'miyezi yomweyo, ndipo muona ngati phindu la ulendo uliwonse likuchokera ku malonda kapena ku mpata wa pakati pa mitengo iwiri ya randi.