Mtundu wa munthu ukufunanji pa mutu wa nkhani?

"Achimwene, sabata yatha nyuzipepala ina inalemba mutu wakuti 'Mburundi anjatidwa poba matumba a feteleza'. Amuna anga kwawo ndi ku Rwanda, tili ndi kagolosale ku Mchesi, ndipo chitulukireni nkhaniyo mwana wathu anzake akumunena kuti mwana wa mbava. Ndikufuna kulembera mkonzi, koma ndikangoyamba ndikumapezeka ndikutukwana. Ndilembe bwanji kuti aisindikize?" Mayi a ku Mchesi

Mayi, imelo yanu ndinaiwerengera m'minibasi pa mlatho wa Lilongwe, ndipo ndinapitirira siteji yanga. Mundikhululukire, ndiyamba ndi za ine.

M'chaka cha 1989 ndinali mu sitandade 5. Bambo anga anali mphunzitsi kuno ku Lilongwe, kwawo ku Rumphi, mayi anga Mchewa wa ku Mitundu. Chaka chimenecho boma linalamula kuti aphunzitsi azikaphunzitsa m'zigawo za kwawo, ati a kumpoto amaphunzitsa ana a kuno mwaulesi dala kuti a kwawo okha azikhoza mayeso. Sindikudziwa kuti ndi mphunzitsi uti anachitapo zimenezo, ngati analipo n'komwe. Chimene ndikudziwa n'chakuti bambo anga ankachonga makope mpaka usiku pa nyali ya koloboyi, mphuno zakuda ndi mwaye, koma nawonso anakwezedwa lole. Ndikukumbukira mayi akumanga mapoto m'chitenje, mbuzi yathu akuigulitsa motchipa kwa aneba chifukwa pa lole panalibe malo. Ku Rumphi anzanga ankanditcha Mchewa poti Chitumbuka chinkandipiringiza lilime. Titabwerera kuno ndinasandukanso "Mtumbuka uja". Ndiye ndikaona mtundu wa munthu utaikidwa patsogolo pa mlandu, sindiona mawu chabe, ndimaona lole ija.

Pali mwambi umene sindiukonda ngakhale pang'ono, uja wakuti nsomba ikaola imodzi ndiye kuti zonse zaola. Pa nsomba ndi woona. Pa anthu ndi bodza, koma mutu ngati umene mwautchulawo umayendera mwambi womwewo. Anthu ambiri sagula nyuzipepala. Amawerenga mitu ataima pamene wogulitsa wayala mapepala pansi n'kutsamiritsa timiyala, kapena amaona kachithunzi ka tsamba loyamba pa Watsapu. Akachoka pamenepo dzina la woganiziridwayo salidziwa, zaka zake sazidziwa, zoti mlandu sunalowe m'khoti alibe nazo ntchito. Atenga mawu awiri basi: mtundu ndi kuba.

Ndiye taonani mawu akuti "Mburundi" mmene timawagwiritsira ntchito muno mu Lilongwe. Munthu wa ku Rwanda ndi Mburundi. Wa ku Congo ndi Mburundi. Mwana wobadwira ku Dzaleka, msasa umene unatsegulidwa ku Dowa m'chaka cha 1994, amene ku Bujumbura sanapondeko chibadwire, nayenso ndi Mburundi. Ine ndemwe ndimatuma mwana kuti "kagule shuga kwa Mburundi", ndipo bambo amene ndimawanenawo ndakhala ndikugula kwa iwo zaka zambiri osawafunsa kwawo kwenikweni. Manyazi ndili nawo. Mawuwa anasiya kale kutanthauza dziko, amatanthauza gulu la anthu amene timawaona ngati si athu. Ndipo amene anaona zimene zinachitika mu Meyi 2023, pamene apolisi ndi asilikali anagwira othawa kwawo m'makwalala a mzinda uno n'kuwasunga ku ndende ya Maula asanawapititse ku Dzaleka, akudziwa kuti mutu wotere umagwera pa udzu wouma kale.

Kalata yanga yoyamba ya mtundu umenewu ndinailemba zaka zingapo zapitazo, nyuzipepala ina itatchula mtundu wa kalaliki amene ankamuganizira kuti wasokoneza ndalama. Ndinalemba masamba atatu. Ndinayambira 1989, n'kudutsa pa kota yosankhira ophunzira a ku yunivesite potengera kwawo, n'kutera pa mtolankhaniyo, amene ndinamutcha watsankho kanayi konse. Siinatuluke. Patapita miyezi ndinakumana ndi mnzanga wina amene anagwirapo ntchito ya unkonzi, tikudya kanyenya ku Bwandilo, ndipo atamva anaseka mpaka kutsamwa. Anandiuza chinthu chimene ndinali ndisanachidziwe: mtolankhani kawirikawiri salemba mutu wa nkhani yake. Iye amatumiza nkhani, mutu amaika ndi akonzi aang'ono amene amayala tsamba madzulo, nthawi itawathera, malo a mutu ali ochepa. "Bambo wa zaka 34" ndi mawu anayi, "Mburundi" ndi liwu limodzi, ndiponso limagulitsa. Ndiye kuti ine ndinakalipira munthu amene mwina naye anadzidzimuka ataona mutuwo m'mawa.

Koma akonziwo asabisale kuseri kwa kuchepa kwa malo. Apa ndiye maganizo anga ndi ouma. Sindinaonepo mutu wakuti "Mchewa anjatidwa poba feteleza" muno mu Lilongwe, chonsecho m'maselo a polisi za kuno Achewa sasowamo, poti ndi kwawo. Mutu wotere ukanatuluka aliyense akanafunsa kuti Uchewawo walowapo bwanji. Muyeso wake ndi womwewo: chotsani mtundu umene alembawo, ikanipo wa anthu ochuluka pamalopo. Mutuwo ukamveka wopusa, ndiye kuti unali wopusa kuyambira poyamba, kungoti tinauzolowera.

Gwero lina la matendawa ndi kalembedwe ka apolisi. Mvetserani mneneri wa polisi aliyense akamatsiriza lipoti: woganiziridwayu amachokera m'mudzi wakuti, mfumu yaikulu yakuti, boma lakuti. Munthu anabadwira ku Kawale, waba ku Kawale, koma lipoti lithera kwa mfumu ya ku Mangochi kapena ku Mzimba imene mwina sinamuonepo. Apolisi ali ndi zifukwa zawo, amafuna kusiyanitsa anthu a mayina ofanana. Koma tsikani mukawerenge ndemanga pa Fesibuku pansi pa nkhani yotero. Za mlandu ziiwalika, patsala "anthu a uko ndi choncho". Mzere umenewo ukakhala kumapeto umapweteka kale, nanga akaukweza n'kuusandutsa mutu?

Sindikunena kuti kwawo kwa munthu kusamatchulidwe konse, ndipo mkonzi akadzakuyankhani adzathawira pamenepa, ndiye mukonzekeretu. Ngati munthu wagwidwa chifukwa cholowa m'dziko popanda ziphaso, dziko lake ndiye mlanduwo. Ngati munthu wamenyedwa chifukwa cha mtundu wake, kubisa mtunduwo n'kubisa nkhani. Ngati apolisi akusaka munthu wothawa ndipo kalankhulidwe kake kangathandize kumuzindikira, atchule. Koma woganiziridwa wa fetelezayu ali kale m'manja mwa apolisi, ndipo thumba la feteleza limalemera makilogalamu 50 posatengera kuti walisenza ndani.

Tsono kalatayo

Ikhale yaifupi, mawu osapitirira 200, chifukwa tsamba la makalata ndi laling'ono ndipo kalata yaitali amaidula okha kapena kungoisiya. Itumizeni msanga, sabata ino, nkhani isanazizire. Chiganizo choyamba chitchule mutuwo ndendende mmene unalembedwera, tsiku ndi tsamba. Musanene kuti woganiziridwayo ndi wosalakwa, poti simukudziwa, ndipo akadzapezeka wolakwa kalata yanu idzagwera limodzi naye. Musatche munthu watsankho. Dandaulani za mutu, funsani funso limodzi, pemphani chinthu chimodzi chimene angathe kuchita. Ine ndikanalemba chonchi:

"Akonzi, ndikudandaula ndi mutu wakuti 'Mburundi anjatidwa poba matumba a feteleza' umene unatuluka pa tsamba lakuti tsiku lakuti. Ndawerenga nkhani yonse ndipo sindinapeze pamene kwawo kwa woganiziridwayu kukukhudzana ndi mlanduwo. Akanakhala Mchewa kapena Mlhomwe, kodi mukanalemba mtundu wake pa mutu? Gawo 42 la malamulo oyendetsera dziko lino limati woimbidwa mlandu atengedwe ngati wosalakwa mpaka khoti litagamula, ndipo gawo 20 limaletsa kusala munthu chifukwa cha mtundu kapena kumene anachokera. Mutu wanu wagamuliratu anthu ambiri amene sanagwidwe n'komwe. Kudera kwathu ana ayamba kale kunenedwa kusukulu. Ndikupempha kuti mukonze mutuwu pa intaneti, ndipo mtsogolo muno muzitchula mtundu wa munthu pokhapokha ukukhudzana ndi mlandu."

Taonani kuti amuna anu sindinawatchulemo, ngakhale golosale ngakhale Mchesi. Ndachita dala. Kaya mapepala awo ali bwino chotani, musawaike pa tsamba limene aliyense awerenge, kuphatikizapo amene amakusilirani bizinesi. Mkonzi amafuna dzina lenileni ndi nambala ya foni kuti atsimikize kuti ndinu munthu weniweni, ndiye mupatseni, koma pansi pake mulembe kuti dzina lisasindikizidwe, angoti "Wowerenga, Lilongwe". Ngati nyuzipepalayo ndi ya Chingerezi, pezani wokumasulirani, koma asaonjezere mawu akuluakulu ofuna kuonetsa sukulu.

Pempho la pa intanetilo ndi limene ndimaliwerengera kwambiri. Pepala la sabata yatha pano akukulungira kale chipisi, koma mutu wa pa intaneti ukhalapo zaka, ndipo kuusintha ndi ntchito ya mphindi zochepa. Pakatha sabata ziwiri ali chete, tumizani dandaulo lomwelo ku bungwe la Media Council of Malawi, limene limalandira madandaulo okhudza kagwiridwe ka ntchito ka atolankhani, muikepo chithunzi cha tsambalo ndi kalata munalembera mkonzi ija. Si khoti, samanga munthu, ndiye musayembekezere zambiri.

Za mwanayo musadikire nyuzipepala. Pitani mawa m'mawa mukaonane ndi aphunzitsi ake, nokha, mwana asakhalepo.